Komiti yabweza pulopozo: akuti chifukwa chosakanizira njira sichikumveka

Nasibeko

Akuluakulu, ndithandizeni kuona ndime iyi. Ndi ya m'gawo la mefodoloje ya pulopozo ya dokotoleti, ndipo komiti yaibweza ndi ndemanga ya mzere umodzi wokha, yakuti chifukwa chosakanizira njira sichikumveka. Kafukufukuyu ndi wa anamwino a m'zipatala zikuluzikulu 10, kufuna kuona ngati kuchuluka kwa ntchito kukugwirizana ndi maganizo ofuna kusiya ntchito. Ndimeyo ikuti:

"Kafukufukuyu adzagwiritsa ntchito njira zosakaniza, ya manambala ndi ya kucheza ndi anthu, chifukwa njira iliyonse ili ndi zofooka zake ndipo kuziphatikiza kumapereka chithunzi chathunthu. Anamwino 400 adzayankha kweshoniya, kenako 20 adzafunsidwa mwakuya kuti zotsatira zitsimikizike kudzera mu tirayangulesheni. Kafukufukuyu watsamira pa pulagimatizimu."

Chalakwika n'chiyani? Zonse zimene mabuku amanena ndaikamo.

Chisale

Achemwali, ndimeyi yafupika, basi. Pulagimatizimu mwaitchula m'chiganizo chimodzi chokha, pamene ndiyo maziko a njira zosakaniza. Ilembeni masamba awiri: imene ili, inachokera kuti, ndi chifukwa chake imalola munthu kugwiritsa ntchito manambala ndi mawu m'kafukufuku mmodzi. Komiti ikaona kuti filosofe yake mukuidziwa, sidzavutanso.

Mbewe

A Chisale, masamba awiriwo sadzayankha funso limene komiti yafunsa. Pulagimatizimu imanena kuti kusakaniza n'kololedwa. Sinena kuti kafukufuku uyu wa anamwino akufunika kusakaniza. Chilolezo ndi kufunika ndi zinthu ziwiri, ndipo komiti yafunsa za chachiwiricho.

Mayi Nasibeko, yesani ichi. Fufutani mawu akuti "anamwino" m'ndime yanu, muikepo "alimi" kapena "oyendetsa sitima". Ndimeyo ikhalabe yomveka, palibe chiganizo chogwa. Ndime imene ikukwanira kafukufuku aliyense sinanene kanthu za kafukufuku wanu. Wowerenga amene waona mapulopozo ambiri amaizindikira msanga, chifukwa mawu a "chithunzi chathunthu" amakumana nawo pafupifupi paliponse.

Kenako yesani chachiwiri, chimene chili chovutirapo. Dulani maintavyu 20 aja, mutsale ndi kweshoniya yokha. Ndi funso liti la kafukufuku wanu limene likhale lopanda yankho? Mulitchule ndi nambala yake. Mukatero bwezeretsani maintavyu, mudule kweshoniya. Ndi funso liti lagwa tsopano? Ngati simungathe kuloza funso kumbali zonse ziwiri, vuto silili m'gawo la mefodoloje, lili kumtunda, pa mafunso a kafukufuku. Tiikireni mafunsowo tione.

Nasibeko

Alipo awiri. Loyamba: kodi pali mgwirizano wotani pakati pa kuchuluka kwa ntchito ndi maganizo ofuna kusiya ntchito? Lachiwiri: kodi anamwino amaona bwanji kuchuluka kwa ntchito yawo?

Mbewe

Apo ndiye pagona nkhani. Loyambalo kweshoniya iliyankha payokha. Lachiwirilo maintavyu aliyankha paokha. Anthu awiri osadziwana akhoza kutenga funso limodzilimodzi, aliyense n'kulemba pepala lake, osataya kalikonse. Amenewo ndi makafukufuku awiri ogona m'chikuto chimodzi. Chikusowa ndi funso lachitatu, limene silingayankhidwe pokhapokha zotsatira za mbali imodzi zitakhudzana ndi za mbali inayo.

Kuti mulipeze, ganizani zimene kweshoniya idzakupatseni. Tinene kuti yaonetsa kuti amene ntchito yawachulukira ndi amenenso ambiri akufuna kuchoka. Chabwino, palibe adzadabwe. Koma m'deta momwemo mudzakhala anamwino amene ntchito yawafika m'khosi koma sakuganiza zochoka, ndi ena amene ntchito yawo n'njopepuka koma mtima uli kale kunja kwa geti. Kwa kweshoniya anthu amenewa ndi zotsalira, madontho amene agwera kutali ndi mzere. Singakuuzeni chimene chikuwagwira kapena kuwakankha, chifukwa inangofunsa zimene inu munaziganizira pasadakhale. Maintavyu paokhanso sangawapeze anthuwa, chifukwa popanda kweshoniya simudziwa kuti namwino uyu ali pamzere kapena ali kutali nawo. Mukhoza kucheza ndi anthu 20 n'kupeza kuti onse ndi a gulu limodzi.

Ndiye funso lachitatu likhoza kukhala lakuti: n'chiyani chimasiyanitsa anamwino amene ntchito yawachulukira n'kumafuna kuchoka ndi anzawo amene ntchito yawachulukira mofanana koma akufuna kukhala? Kweshoniya ikuuzani kuti anthuwo ndi ati, maintavyu akuuzani chikuchitika n'chiyani. Mukadula mbali imodzi funsoli lafa. Chifukwa chanu chosakanizira ndi chimenecho, ndipo chikukwana m'ziganizo zinayi.

Chisale

Koma aphunzitsi, zimenezo si tirayangulesheni yomwe achemwali alemba kale? Njira ziwiri, nkhani imodzi, ina kutsimikizira inzake.

Nazimbiri

Ayi achimwene, ndipo liwu limenelo ndi limene ndikanalichotsa poyamba. Tirayangulesheni imafuna kuti njira ziwiri ziyeze chinthu chimodzi, iliyonse payokha osaonerana, kenako muone ngati zafika pamodzi. Apa ofunsidwa akusankhidwa kuchokera mu zotsatira za kweshoniya, ndipo mafunso a intavyu akupangidwa kuchokera mu zotsatira zomwezo. Njira yachiwiri yabadwa kuchokera mu yoyamba. Ingakhale bwanji mboni yoima payokha? Kuwonjezera apo, anthu 20 osankhidwa mwadala sangatsimikize peresenti ya anthu 400. Atati onse 20 anene kuti akufuna kuchoka, nambala ya mu kweshoniya sisuntha.

Greene, Caracelli ndi Graham mu 1989 anaunika makafukufuku 57 n'kupeza zolinga zisanu zimene anthu amasakanizira njira, ndipo tirayangulesheni ndi chimodzi chabe mwa zisanuzo. Zimene a Mbewe afotokoza zikugwera pa ziwiri zina: njira imodzi kumveketsa zotsatira za inzake, ndi njira imodzi kuthandiza kumanga inzake, monga kusankha ofunsidwa. Lembani zimene mukuchitadi. Mukalemba tirayangulesheni koma dongosolo lanu likuonetsa zina, wa komiti amene amadziwa nkhanizi aona kuti liwulo mwangolitola. Simuli nokha pa vutoli: Bryman mu 2006 anawerenga nkhani za kafukufuku 232 zosakaniza njira, ndipo anapeza kuti kawirikawiri chifukwa chimene olemba ananena sichinkafanana ndi zimene anachita. Oyesa ambiri amalidziwa pepala limenelo.

Kamwendo

Ine ndikuona ngati komiti ikudandaula za sampulo. 400 ali bwino, fomula yodziwika ija yowerengera kukula kwa sampulo imapereka 385. Koma 20 achuluka, pali kafukufuku amene anaonetsa kuti maintavyu 12 amakwana. Komanso kuti musavutike, bwanji osangoika mafunso atatu otseguka kumapeto kwa kweshoniya, anthu alembe maganizo awo? Yanga ndakonza choncho, manambala ndi mawu zonse papepala limodzi, ndipo ndikuitcha njira zosakaniza.

Nagama

A Kamwendo, ndemanga ya komiti sinatchule sampulo, koma poti mwaiyamba, 385 ija ili ndi msampha. Imagwira ntchito ngati munthu aliyense watoledwa mwamwayi payekha. Mayi Nasibeko akutola anamwino 40 pa chipatala chilichonse mwa zipatala 10, ndipo anthu a chipatala chimodzi amafanana: bwana mmodzi, ndandanda ya mashifiti imodzi, kuchepa kwa antchito kumodzi. Kufananako kumachepetsa mphamvu ya sampulo motere:

```
DEFF = 1 + (m - 1) * ICC
     = 1 + (40 - 1) * 0.03 = 2.17
n_eff = 400 / 2.17 = 184
```

Apa m ndi chiwerengero cha anthu otoledwa pa chipatala chimodzi, ICC ndi muyeso wa kufanana kwawo, ndipo n_eff ndi kukula kwa sampulo mukachotsera kufananako. 0.03 ndangoika ngati chitsanzo, yeniyeni muifune m'makafukufuku a anamwino amene anachitika kale. Koma taonani kuti ngakhale kanambala kakang'ono chotero kasandutsa anthu 400 kukhala ngati 184. Peresenti ya ofuna kuchoka imene mumayembekeza kuti iphonya ndi 5 mbali iliyonse tsopano ikuphonya ndi 7. Mankhwala ake ndi kuchulukitsa zipatala, osati kuchulukitsa anthu pa chipatala chimodzi. Zimenezi ziikidwe m'ndime ya sampulo, si za ndime imene tikukambiranayi.

Nazimbiri

Za 12 zija, ndi pepala la Guest, Bunce ndi Johnson la 2006. Anacheza ndi amayi 60 ku Ghana ndi ku Nigeria, n'kuona kuti mitu yambiri inali itatuluka kale pofika intavyu ya nambala 12. Koma iwo eni ananena kuti gulu lawo linali la anthu ofanana ndipo mafunso anali olunjika. Apa tikukamba zofananiza magulu osiyana, olemedwa ndi opepukidwa, ofuna kuchoka ndi ofuna kukhala, ndiye 12 mukaigawa kanayi mutsala ndi anthu atatu pagulu. Atatu simungafananize nawo kanthu.

Za mafunso otseguka kumapeto kwa kweshoniya, a Kamwendo, konzekerani kufunsidwa. Munthu amene watopa ndi mafunso 60 amalemba mzere umodzi, "ntchito yachuluka", ndipo ambiri amasiya malowo opanda kanthu. Simungamufunse kuti akutanthauza chiyani, simungamutsate pamene wanena chinthu chosayembekezeka. Alipo olemba amene amavomereza kuti zimenezo ndi kusakaniza, koma pa dokotoleti ine sindingaike khosi langa pamenepo.

Kamwendo

Mizere 400 ya mawu si deta yochepa, mayi.

Nazimbiri

N'njambiri m'lifupi, koma m'kuya mulibe. Zimadalira funso lanu. Ngati mukufuna kungodziwa madandaulo amene amatchulidwa kawirikawiri, ikwana. Ngati mukufuna kumvetsa mmene munthu anafikira pa ganizo lochoka, sikwana. Yambitsani nkhani yanuyanu muikepo mafunso anu, apa tingasokoneze ya mayi Nasibeko.

Nasibeko

Funso lachitatu ndalimva, ndipo tirayangulesheni ndichotsa. Koma ndikangolemba funsolo, komiti ikhutira? Ndikuopa kuti anenanso kuti ndi mawu okhaokha.

Mbewe

Anenadi, ngati simuonetsa polumikizira. Mapulopozo ambiri amalongosola kweshoniya masamba asanu, maintavyu masamba asanu, koma pamene ziwirizi zikumanirana pamakhala chiganizo chimodzi chakuti "zotsatira zidzaphatikizidwa pokambirana". Pamenepo ndi pamene pakufunika tsamba lathunthu.

Yambani ndi kutchula dongosolo. Lanu ndi lotsatizana, manambala patsogolo, mawu pambuyo kudzafotokoza, limene Creswell ndi Plano Clark analitchukitsa ndi dzina lakuti ekisipulanetole sikwensho. M'kalembedwe ka Morse ka 1991 limalembedwa `QUAN → qual`, muvi kusonyeza kutsatizana, zilembo zazikulu kusonyeza mbali yolemera. Musangokopera zilembozo. Ngati funso lachitatu ndilo mtima wa kafukufuku wanu, mbali ya maintavyu si yaing'ono, ndipo mukhoza kulemba `QUAN → QUAL` n'kunena chifukwa chake. Nenaninso m'chiganizo chimodzi chifukwa chimene simunachitire zonse nthawi imodzi: simungasankhe ofunsidwa musanaone zotsatira. Ndi chinanso chifukwa chimene simunayambire maintavyu: zoyezera kuchuluka kwa ntchito ndi maganizo ochoka zilipo kale zoyesedwa, simukufunika kupanga zatsopano. Ngati chachiwirichi si choona kwa anamwino anu, dongosolo lonse liyenera kutembenuzidwa, ndiye chitsimikizeni.

Kenako lembani lamulo losankhira ofunsidwa, lolembedwa bwino moti munthu wina atapatsidwa deta yanu angasankhe magulu omwewo. Mwachitsanzo: anamwino adzandandalikidwa potengera malikisi a kuchuluka kwa ntchito n'kugawidwa patatu. Apakati adzasiyidwa. Apamwamba ndi apansi adzagawidwanso pawiri, ofuna kuchoka ndi ofuna kukhala, potengera malire akutiakuti pa sikelo. Apo patuluka magulu anayi, ndipo m'gulu lililonse mudzatengedwa anthu 6, onse pamodzi 24. Magulu awiri ndi amene akutsata mzere, awiri enawo ndi osemphana nawo. Otsata mzere musawasiye, chifukwa popanda iwo mulibe owafananiza nawo.

Polumikizira pachiwiri ndi pa mafunso a intavyu. Nenani kuti adzamalizidwa kweshoniya itasanthulidwa, ndipo perekani chitsanzo chimodzi cha mmene chotsatira chidzasandukire funso. Mwachitsanzo, ngati mashifiti a usiku aoneka kuti akukoka kwambiri maganizo ochoka kuposa chiwerengero cha odwala, ofunsidwa adzapemphedwa kulongosola usiku wawo womaliza kuntchito kuyambira polandira wodi mpaka popereka.

Pachitatu ndi pamapeto. Jambulani tebulo lopanda kanthu, muliike mu pulopozo momwemo. Mizere yake ikhale magulu anayi aja. Danga loyamba la zimene manambala anena za gululo, lachiwiri la mitu yotuluka m'maintavyu a gululo, lachitatu lonena ngati ziwirizi zagwirizana, ina yawonjezera pa inzake, kapena zatsutsana, ndipo lomaliza la chimene mwaphunzira chimene mbali imodzi payokha sikanakuuzani. Tebulo lopanda kanthulo limakopa komiti kuposa masamba a filosofe, chifukwa limaonetsa kuti mukudziwa mmene mutu wa zotsatira udzaonekere.

Nagama

Lamulo la a Mbewe n'labwino, koma liwerengereni musanalilembe, chifukwa gulu limodzi likhoza kuuma. Anthu 400 kugawa patatu ndi pafupifupi 133 pamwamba ndi 133 pansi. Tiyerekeze kuti mwa a ntchito yopepuka, mmodzi yekha pa 10 aliwonse ndi amene akufuna kuchoka. Ndi anthu 13. Tiyerekezenso kuti theka lokha ndi limene lavomera kuti mudzawafunenso. Atsala 6 kapena 7. Pofika nthawi ya maintavyu papita miyezi, ndipo awa ndi anthu amene ananena okha kuti akufuna kuchoka, ndiye ena mudzapeza atachokadi. Anthu 6 anu aja mulibe.

Manambalawa ndi ongoyerekeza, koma chiwerengero chotere chikhale mu pulopozo, pamodzi ndi chimene mudzachite gulu likapanda kukwana. Mukhoza kunena kuti mudzafutukula malire, kuchoka pa kugawa patatu n'kugawa pawiri. Mukhozanso kupempha nambala ya foni ya munthu mwini m'malo mwa ya kuntchito, kuti wochoka mudzamupezebe. Kunena zoona amene wachoka kale ndiye wofunika kwambiri kucheza naye, bola pulopozo inene kuti oterewa adzaloledwa.

Nasibeko

Apa ndiye mwandidzidzimutsa. M'gawo la efikisi ndalemba kuti kweshoniya idzakhala yopanda maina, munthu sadzadziwika n'komwe. Ndinachita dala chifukwa namwino sanganene poyera kuti akufuna kusiya ntchito.

Nagama

Ndiye pulopozo yanu ikudzitsutsa yokha, ndipo mwina wa komiti wina anaziona. Ngati simudziwa amene anayankha pepala liti, simungasankhe munthu potengera mayankho ake. Mudzangotola anamwino 20 alionse amene apezeka, ndipo kulumikizana konse kuja kwatha.

Njira yake ndi iyi. Kweshoniya iliyonse ikhale ndi nambala, yopanda dzina. Pakhale kapepala kena kapadera, kokhala ndi nambala yomweyo, pamene munthu amene akufuna yekha alembepo dzina ndi foni kuti mudzamufunenso. Kapepalako kaponyedwe m'bokosi lina, kasungidwe kwina, ndipo ndandanda yolumikiza nambala ndi dzina ikhale ndi inu nokha, iwonongedwe maintavyu akatha. Pa kweshoniya ya pa intaneti n'chimodzimodzi, fomu yachiwiri yosungidwa payokha. Mukatero musalembenso kuti anthu sadzadziwika. Lembani kuti mayankho adzasungidwa mwachinsinsi, ndipo fomu ya chilolezo inene poyera kuti wovomera kufunsidwanso mayankho ake adzalumikizidwa ndi dzina lake. Amene sanalembe kapepala aja amakhalabe osadziwika.

Pali mtengo wake. Ovomera akhoza kusiyana ndi okana, makamaka ngati amene akuopa mabwana ndi amenenso akufunitsitsa kuchoka. Ubwino wake n'ngwakuti izi mungaziyeze, poti mayankho a magulu onse awiri muli nawo. Lonjezani mu pulopozo kuti mudzafananiza ovomera ndi okana pa zaka, kuchuluka kwa ntchito ndi maganizo ochoka, n'kunena zimene mwapeza.

Chisale

Nanga komiti ya efikisi ivomera bwanji mafunso a intavyu amene sanalembedwe? Iwo amafuna kuona chida chilichonse.

Mbewe

Funso labwino, a Chisale. Mumapereka mafunso oyambira, okhala ndi mitu imene mukudziwa kale kuti idzafunsidwa, n'kulemba kuti omaliza adzatumizidwa ngati kusintha gawo loyamba likatha. Makomiti amasiyana, ena amavomera zonse kamodzi, ena amafuna muwabwererenso, ndiye funsani wanu musanalembe kalendala. Kudikira kumeneko kuoneke pa kalendala ya ntchito. Dongosolo lotsatizana limadya nthawi chifukwa palibe chimene mungayambe chinzake chisanathe: kutolera, kuyeretsa deta, kusanthula, kusankha anthu, kudikira efikisi, kenako maintavyu. Kulemba mawu a intavyu ya ola limodzi kumatenga maola 4 mpaka 6, ndiye maintavyu 24 ndi maola pakati pa 96 ndi 144 musanayambe n'kusanthula komwe. Wa komiti akamafunsa kuti "chifukwa chiyani njira ziwiri", nthawi zina chimene akufunsa m'mtima n'chakuti munthu mmodziyu amaliza? Kalendala yoona imayankha funso losanenedwalo.

Ndipo a Chisale, pulagimatizimu yanu sindinaitaye. Ndime imodzi ikhalepo, koma ibwere pambuyo pa chifukwa, ndipo igwire ntchito: inene mmene mudzaonere nkhani ya namwino ikasemphana ndi malikisi ake.

Nazimbiri

Pamenepo ndi pamene ine ndimasiyana pang'ono ndi dongosolo lonseli. Magulu anayi aja amangidwa pa chikhulupiriro chakuti sikelo yayeza bwino. Koma namwino amene kweshoniya yamuika pa "ntchito yopepuka" akhoza kukuuzani kuti ntchito ikumupha, chifukwa chimene chikumulemera si chiwerengero cha odwala koma kuona anthu akufa m'manja mwake, kapena kuphunzitsa atsopano amene sawerengedwa ngati ntchito. Zikatero munthuyo sali "wosemphana ndi mzere". Sikelo ndiyo yaphonya. Pulopozo ikangonena kuti maintavyu adzafotokoza manambala, ndiye kuti mwagamula kale kuti manambala ndiwo olondola, ndipo mawu a anthu ndi antchito awo.

Mbewe

Sindikukana. N'chifukwa chake danga lachitatu la tebulo lili ndi malo a kutsutsana. Koma pulopozo isangolekera pa kuvomereza kuti zingachitike, inene masitepe. Choyamba kuona ngati mbali ziwirizo zikukambadi chinthu chimodzi, kapena liwu lakuti "ntchito" likutanthauza zosiyana. Chachiwiri kubwerera ku deta ya kweshoniya n'kuona mafunso amodziamodzi m'malo mwa malikisi onse pamodzi, mwina chimene ofunsidwa akunena chikuoneka pa funso limodzi. Chachitatu kuganizira nthawi imene yadutsa, poti munthu akhoza kusamutsidwa wodi pakati pa kweshoniya ndi intavyu, ndiye intavyu iyambe ndi kufunsa chimene chasintha. Zonsezi zikalephera, kutsutsanako kulembedwe ngati chotsatira, osakubisa.

Nazimbiri

Masitepewo ndi abwino, koma onse atatu akuyesa kupulumutsa sikelo. Ine ndikanalemba kuti cholinga chimodzi cha gawo lachiwiri ndi kuyesa ngati sikeloyo ikugwira zimene anamwino amazitcha ntchito yolemera. Likhale funso lapoyera, osati ngozi yokonzekera.

Mbewe

Likatero lasanduka kafukufuku wina, wa kuyesa chida, ndipo komiti idzafunsa chifukwa chimene sanayambire maintavyu. Mayi Nasibeko asankhe chimodzi. Dokotoleti imodzi singanyamule zonse.

Nazimbiri

Chiganizo chimodzi sichisandutsa kafukufuku. Koma chabwino, mwini wake aone ndi supavaiza wake.

Nasibeko

Ndalembanso motere, mundiuze pamene pakutayikira:

"Kweshoniya ya anamwino 400 idzaonetsa kukula kwa mgwirizano pakati pa kuchuluka kwa ntchito ndi maganizo ochoka, koma singafotokoze chifukwa chimene anamwino ena olemedwa mofanana amafunira kukhala pamene anzawo akufuna kuchoka. Maintavyu paokha sangathe kuwazindikira anamwino oterewa pakati pa anzawo. Choncho zotsatira za kweshoniya zidzagwiritsidwa ntchito kugawa oyankha m'magulu anayi, kusankha anthu 6 m'gulu lililonse mwa amene avomera kufunsidwanso, ndi kumalizitsa mafunso a intavyu. Zotsatira za mbali ziwirizi zidzaikidwa pa tebulo limodzi gulu ndi gulu, poyankha funso lachitatu. Pamene zasemphana, kusemphanako kudzafufuzidwa ndi kulembedwa, kuphatikizapo kuthekera kwakuti sikelo sinagwire mbali zina za ntchito."

Chiganizo chomalizacho ndatengera mayi Nazimbiri, a Mbewe mundikhululukire.

Mbewe

Palibe cholakwa, mmene mwachiikiramo chakhala bwino. Tsopano ikani "alimi" m'malo mwa "anamwino" muone, ndimeyo ikana. Chiganizo choyamba chikufunika umboni: tchulani makafukufuku awiri kapena atatu a anamwino amene anapeza mgwirizanowu koma n'kusiya kusiyana kwakukulu kosafotokozedwa, kuti kuperewera kwa kweshoniya kusaoneke ngati maganizo anu chabe. Ndipo mutu wa kuunika zolembedwa kale uthere pa mpata womwewo, kuti wowerenga akafika pa mefodoloje apeze funso lachitatu akulidikira kale.

Nagama

Patsala bowo limodzi. Ndime yonse yaima pa kuyembekeza kuti mgwirizano upezeka. Nanga kweshoniya ikaonetsa kuti palibe, olemedwa ndi opepukidwa akufuna kuchoka mofanana? Mawu akuti "osemphana ndi mzere" sakhalanso ndi tanthauzo poti mzere kulibe. Magulu anayi aja mukhoza kuwapangabe, ndipo mwina adzadzaza bwino kuposa kale, koma funso la gawo lachiwiri lisintha: lidzakhala lofuna kudziwa chimene chikukankha anthu ngati si kuchuluka kwa ntchito. Onjezani ziganizo ziwiri zonena zimenezo. Pa tsiku loteteza pulopozo funsoli limabwera kawirikawiri, ndipo ndi bwino kungotsegula tsamba n'kuloza.

Kamwendo

Nanga zikatero sangosiya maintavyu n'kulemba kuti palibe mgwirizano? Ndi chotsatiranso chimenecho.

Nagama

Ndi sampulo yogwira ngati anthu 184, kusapeza mgwirizano sikutanthauza kuti kulibe, mwina ndi wochepa moti simunauone. Ndiye mayi Nasibeko, musanatumizenso, bwererani ku zipatala 10 zija muone ngati zingakhale 20 za anthu 20 chilichonse. Ndi 0.03 yomwe ija, `1 + 19 * 0.03` ikupereka 1.57, ndipo anthu 400 omwewo agwira ngati 255.